Mwendo wa Lusiya ndi Njira ya Njovu

Ana anga, mumandiseka kuti tikamaonera mpikisano wothamanga, othamanga akangolowa ndime yomaliza ine ndimatsinzina ngati munthu amene akupemphera. Amayi anu amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi, ndinayamba kalekale tsitsi likadali lakuda. Pano ndapuma pantchito ndipo nthawi ndili nayo, choncho ndikulemba kuti mudziwe kumene zinachokera.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba ya uphunzitsi anandituma ku Feira, boma la Luangwa, pasukulu ina ya m'mbali mwa Zambezi. Ndinachoka kwathu ku Katete ndi sutikesi yachitsulo ndi nsapato zothamangira zimene ndinali nditaleka kuvala. Ku koleji ndinkathamanga mitunda italiitali, ndipo dzina la Lameki Zulu linkadziwika ndithu m'mabwalo. Chimene chinandileketsa ndi mnzanga Yotamu, amene tinkagona chipinda chimodzi. Anathamanga mwezi wathunthu akudandaula msongolo, fupa lija la kutsogolo kwa mwendo pansi pa bondo, ndipo aliyense ankamuuza kuti mwamuna salira. Pa mpikisano waukulu, tili m'ndime yomaliza, ine ndili pambuyo pake penipeni, ndinamva phokoso ngati munthu wathyola nzimbe pabondo. Yotamu anagwa. Mwendo unapola mokhota, ndipo sanathamangenso. Ine ndinayesa kupitiriza koma ndikafika ndime yomaliza makutu anga ankangodikira phokoso lija, mpaka ndinangosiya.

Ku Feira kunali kutentha kumene sindinakuonepo, ndipo kunalibe chilichonse. Choko tinkachita kudulirana, mizere ya pabwalo tinkalemba ndi phulusa, nthawi ndinkayeza ndi wotchi yanga ya pamkono. Ahedi athu, a Mwanza, atamva kuti ndinali wothamanga anandipatsa zamasewera tsiku lomwelo. Anali munthu wokonda sukulu yake kwambiri, koma wosakonda kuuzidwa. Ana a kumeneko ankathamanga opanda nsapato, mumchenga ndi m'tinjira tofewa ta m'minda, ndipo pakati pawo panali mtsikana mmodzi, Lusiya, mwana wa a Domingo, msodzi amene makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambiki. Mtsikanayo ankathamanga ngati sakugunda pansi. Chaka changa chachiwiri anapambana aliyense m'boma lonse, ndipo anthu anayamba kunena kuti akakapambana ku Lusaka, magulu amasewera a asilikali kapena apolisi adzamutenga n'kumupatsa ntchito.

Chaka chimene kunabwera nsapato

Temu yoyamba itayamba, mvula ili mkati, ofesi ya maphunziro inatitumizira nsapato zansalu, zopyapyala kuphazi. Ahedi anasangalala ngati mwana. Anati bwalo la ku Lusaka ndi lolimba, choncho ana aleke mchenga, azithamanga pamsewu wa miyala, m'mawa ndi masana, tsiku lililonse. Ndinawauza kuti mwendo wozolowera mchenga umafunika kuuzoloweza msewu pang'onopang'ono. Anandiyankha kuti mpikisano sudikira munthu. Ine ndinali wamng'ono pantchito, ndinachepetsako mtunda mobisa, koma Lusiya ankawonjezera yekha chifukwa ankafunitsitsa kupambana.

Patapita milungu ingapo ndinaona kuti akamaliza kuthamanga akutsimphina pang'ono, ndipo akaona kuti ndikumuyang'ana akuwongoka. Ndinamuitana pansi pa mtengo wa bwemba.

"Pakupweteka pati?"

"Palibe, ba Ticha. Ni kulema chabe."

"Loza ndi chala chimodzi."

Mnofu ukatopa munthu amasisita dera lonse ndi chikhatho, ndipo ululu wake umachepa thupi likatenthedwa. Lusiya sanasisite. Anaika nsonga ya chala pamalo amodzi pa msongolo wakumanzere. Nditadina pamenepo anakoka mpweya ndi mano. Ndinamuuza kuti adumphe ndi mwendo umenewo wokha. Anadumpha kamodzi n'kugwira mtengo. Anavomera kuti ululuwo umakula akamathamanga, ndipo masiku ena umamupweteka ngakhale atangokhala. Yotamu ankaloza chimodzimodzi.

Loweruka ndinamukweza panjinga kupita naye kuchipatala cha mishoni. Adokotala anamupima n'kunena kuti fupa lachita mng'alu, kaming'alu kakang'ono kobwera chifukwa chomenya pansi mobwerezabwereza fupa lisanazolowere. Anamujambula mwendowo ndi makina oonera mafupa, koma chithunzi sichinaonetse kanthu. Anatifotokozera kuti zimatero: mng'alu wotere suoneka poyamba, umadzaoneka pakapita milungu, fupa latsopano likayamba kumera pamwamba pake. Anati asathamange kapena kudumpha kwa miyezi pafupifupi iwiri, azidya bwino, makamaka tinsomba todya ndi minga yomwe, ndipo akapitiriza kuthamanga mng'aluwo ukhoza kudutsa fupa lonse.

Nditabwerera, ahedi anangomva chinthu chimodzi chokha, chakuti chithunzi sichinaonetse kanthu.

"Manje ngati makina siyanaone, imwe ba Zulu mwaona na chani? Mupatseni maaspirini, azathamanga."

Ndinati mapiritsi amatseka pakamwa ululu koma samata fupa. Tinagwirizana kuti mtsikanayo apume kufikira mlungu wa ulendo wa ku Lusaka, kenako tidzaone.

Milungu imeneyo ndinaonda. Lusiya ankakhala pansi pa bwemba anzake akuthamanga, monga ndinamuuzira, koma ndikadina pafupa paja ululu unali pomwepo, mwina kuposa kale. Ndinayamba kuopa kuti ndi matenda ena oipa a m'mafupa. Tsiku lina anabwera mwendo uli ndi mphini zatsopano zopakidwa mankhwala akuda. Bambo ake anapita naye kwa sing'anga, amene anati wina wansanje anamutchera panjira. Mtsikanayo anayamba kuuza aliyense kuti wachira. Ahedi anamva, makolo anamva, mudzi wonse unamva. Amene ankati sanachire ndinali ine ndekha, mlendo wa ku Katete, ndipo ena anayamba kufunsana kuti kodi mphunzitsi ameneyu akufuna chiyani pa mwana wa eni.

Tsiku lotsanzikana

Kutatsala masiku ochepa kuti lole ibwere kudzatenga ana, ahedi anaitana makolo. Anandiuza kuti popeza ndine katswiri wakale, ndilankhule mawu olimbitsa mtima, kenako nditchule maina a opita. Dzina la Lusiya anati likhale loyamba. Ndinkaopa ahedi, amene akanatha kundisamutsira kulikonse. Ndinkaopa a Domingo, munthu wamanja ngati nkhafi. Koma ndikaganiza za bwalo la ku Lusaka ndi ndime yomaliza, mantha enawo ankachepa. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinaimirira. Mawu amene ndinalankhula ndikuwakumbukira bwino, chifukwa ndawabwereza m'masukulu ambiri chiyambire.

Ndinati: "Ana inu, andiuza kuti ndikulimbitseni mtima. Ine ndikuuzani za munthu amene anali ndi mtima wolimba kuposa ife tonse." Ndinawasimbira za Yotamu, mmene ankalozera ndi chala chimodzi, mmene ankamwera mapiritsi, ndi phokoso limene ndinamva. Kenako ndinati: "Wothamanga aliyense adzavulala tsiku lina. Pano pali amene anabinya akakolo, pali amene mnofu wa kuntchafu unakoka. Kuvulala si manyazi. Koma dziwani kuti ululu umatha msanga kuposa bala. Tsiku limene wadzuka n'kumva kuti palibe chikupweteka, mkati fupa likadali laliwisi ngati khoma limene angolimata. Ambiri amagwa pa tsiku limenelo. Kubwerera kuli ndi makwerero ake. Poyamba uziyenda wamba osamva kanthu, udine pamalopo osamva kanthu, udumphe ndi mwendo umodzi osamva kanthu. Ukatero uyambe kuyenda mwandawala. Kenako kuthamanga pang'ono pofewa, kusakaniza ndi kuyenda, lero inde mawa ayi, kuti fupa lipeze tsiku lodzimanga. Woweruza ndi m'mawa wotsatira: ukadzuka pamalo paja pakupweteka, bwerera khwerero limodzi, usakangane nalo. Msewu wolimba ndi liwiro ndi zomalizira. Mudzaopa kuti anzanu akukusiyani, mudzaopa kuti mpweya ukutha, mudzaopa kuti anthu akuiwalani. Mpweya umabwerera, ndipo mpikisano umabwera chaka ndi chaka. Mwendo ulibe chaka chamawa. Musalole mantha kukuthamangitsani."

Kenako ndinatchula maina. La Lusiya sindinalitchule.

Ahedi anayang'ana pansi. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndiye Lusiya anaimirira, mtsikana amene sankalankhula pagulu, misozi ili m'maso.

"Ba Ticha, mukamba kuti nisathamange. Pano pa sukulu sinithamanga. Manje nzovu za pa njira muzaziuza ndimwe kuti mwendo wanga uli pa holide?"

Ena anaseka. Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani, ndipo ana onse a kumudzi kwawo anayamba kufotokoza. Njira yawo inkadutsa pakati pa minda ndi thengo, ndipo nyengo imeneyo chimanga chili chachiwisi njovu zinkachezera m'minda n'kumabwerera m'mawa kudutsa pomwepo. Ana ankadikirana, akafika pamalopo n'kuthamanga onse pamodzi mpaka kutulukira poyera, popita ndi pobwerera. Wotsalira ankatsala yekha. Aphunzitsi tonse tinkakhala pasukulu, ndipo kwa anawo zinali za masiku onse moti palibe anaganiza kuti n'zofunika kunena. Milungu yonse ija ine ndikumukhazika pansi pa bwemba, mtsikanayo ankathamanga kawiri patsiku, panjira yolimba, mabuku ali kumutu.

A Domingo anaimirira n'kubwera kutsogolo. Ndinaganiza kuti tsopano ndimenyedwa pamaso pa ana. Anaima pafupi kwambiri, fungo la nsomba ndi utsi lili m'malaya.

"Aticha, uja mnzanu. Alipo?"

"Alipo, bambo. Amasoka nsapato ku Chipata. Amayenda ndi ndodo."

"Na uyu angachite tero?"

"Angachite. Sindikunena kuti adzatero ndithu. Koma ine sindingamutumize."

Anayang'ana mwendo wa mwana wawo ndi mphini zija. Kenako anati: "Mwadiya ukang'aluka, ise tiukokera pa mtunda, timata, tiyembekeza uume. Ukaufulumiza, uzakumiza pakati pa madzi." Mwadiya ndi bwato lawo losema. Anatembenukira kwa ahedi. "Ba Hedi, mwana wangu sayenda ku Lusaka. Ku sukulu azabwera na mwadiya pa madzi, nizamuperekeza neo, ine mwini."

Ine ndinawonjezapo chimodzi, kuti nkhafi azigwira Lusiya. Mabuku athu a ku koleji ankati wovulala mwendo azisambira kuti mpweya usathe, koma amene analemba mabukuwo sanaonepo ng'ona za mu Zambezi. Kupalasa bwato mokwera madzi, atakhala pansi, kunali kusambira kwathu.

Ana anapita ku Lusaka n'kubwerako opanda kanthu. Ahedi anandilanda zamasewera n'kupatsa mphunzitsi wina, ndipo kwa nthawi yaitali moni wanga ankayankha ndi mutu. Kumsika amayi ena ankati ndinadyetsa mwana mwayi wake. Usiku ndinkadzifunsa kuti bwanji ngati ndalakwa, bwanji ngati akanathamanga n'kupambana mwendo osathyoka. Funso limenelo lilibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe.

Nyengo ya masau, chaka chomwecho

Atasiya kuthamanga panjira, ululu unayamba kuchepa. Tinabwereranso kuchipatala, ndipo ulendo uno chithunzi chinaonetsa kachotupa koyera pafupa, pamalo enieni amene ankaloza. Adokotala anati ndilo fupa latsopano, koma popeza analivutitsa nthawi yaitali, tisafulumire. Ndinapita nacho kwa ahedi. Anachiyang'anitsitsa pawindo n'kundibwezera osanena kanthu. Masana ake anatuma mwana kudzandipatsa choko chathunthu, chosadula. Kwa a Mwanza kumeneko kunali kulankhula.

Kudikira kunamuvuta Lusiya kuposa ululu. Tsiku limene anadumpha ndi mwendo umodzi osamva kanthu anafuna kuthamanga pomwepo, ndipo nditakana sanandilankhule masiku angapo. Titayamba kuthamanga pang'ono mumchenga wonyowa wa m'mphepete, tsiku lina anawonjezera yekha, m'mawa mwake n'kubwera akutsimphina. Tinabwerera pa kuyenda wamba. Analira.

Ndi mlungu womwewo pamene tinakumana ndi njovu. Kuchokera padoko kufika kusukulu panali kamtunda kodutsa m'mitengo ya masau, ndipo zipatso zikapsa njovu sizichoka pamenepo. Ndinkapita kukamuchingamira m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo a Domingo anali atabwerera kale ndi bwato. Tikuyenda, ndinamva nthambi ikuthyoka, ndipo titakhota tinaiona: njovu yamphongo, yokha, ikugwedeza mtengo, pafupi moti ndinkamva kulira kwa m'mimba mwake. Inasiya mtengo. Inatembenuka n'kutambasula makutu.

Ana anga, ine ndinakulira kumene njovu tinkangoimva m'nkhani. Miyendo yanga yonse inkati thawa. Ndinadziwa kuti ndikathawa nayenso athawa, pa nthaka youma yodzaza maenje a mapazi a njovu, ndi mwendo umene unali utangobwerera m'mbuyo. Ndinadziwanso kuti palibe katswiri amene angapambane njovu pa liwiro. Komabe phazi langa linali litanyamuka kale. Chimene chinandiimitsa ndi dzanja la Lusiya, limene linagwira malaya anga kumbuyo.

"Ba Ticha, osathamanga," ananong'ona. "Mphepo ichokera kwa yeve, siyatinunkhize bwino. Bwererani kumbuyo, pang'ono pang'ono. Osaipatsa msana."

Tinabwerera chafutambuyo, phazi limodzi, kenako lina. Njovu inapukusa mutu, fumbi n'kuwuluka m'makutu, inaponda kutsogolo, n'kuima. Tinapitiriza kubwerera mpaka chitsamba chinatibisa, kenako tinazungulira kutali kudzera m'mphepete mwa madzi, tikuyenda, osathamanga. Titafika poyera ndinakhala pansi mumchenga. Mtsikanayo anandiyang'ana n'kuyamba kuseka.

"Si ndimwe munakamba kuti mantha yasatithamangitse?"

Ndinamufunsa kuti ngati ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chiyani ankathamanga panjira ija. Anati bambo ake anamuphunzitsa kalekale, koma anzako onse akathamanga, kuima wekha n'kovuta. Kuyambira tsiku limenelo sanakanganenso nane za makwerero aja. Pofika nyengo yotentha anali akuthamanga tsiku ndi tsiku pofewa, ndipo mvula yoyamba itagwa ndinamulola kuponda msewu.

Chaka chotsatira

Kumapeto kwa chaka anandisamutsira kusukulu ina ya kumtunda, cha ku Mburuma, kumene galimoto inkaoneka mwa apo ndi apo. Sindikudziwa ngati a Mwanza anaikapo dzanja, ndipo sindinafunse. Nditamva tsiku la mpikisano wa boma ndinapalasa njinga kupita ku Feira, n'kukaima kumbuyo kwa anthu. A Domingo anandiona, anabwera kudzaima pambali panga.

Lusiya anathamanga wopanda nsapato. Pa ndime zoyamba anali pakati pa gulu, ndipo ine maso anali pa mwendo wakumanzere basi, kuona ngati akuuponda mofanana ndi unzake. Belu la ndime yomaliza litalira ndinaona akuyamba kutambasula miyendo, ndipo sindinathe kupirira. Ndinatsinzina. Anthu ankakuwa mbali zonse, koma ine ndinkamvetsera chinthu chimodzi chokha pansi pa phokoso lonselo.

Ndinamva dzanja lolemera paphewa. "Aticha, tsegulani menso. Wamaliza."

Anali wachiwiri. Ku Lusaka anapita, sanapambane, ndipo asilikali ndi apolisi sanamutenge; chaka cha mwayi wake chinali chija chimene ndinamuletsa. Anakwatiwa ku Kavalamanja, ali ndi dimba lalikulu ndi zidzukulu. Nditapita ku Feira kukatsanzika ndisanapume pantchito, ndinamupeza padoko akukwera mtunda ndi dengu la nsomba pamutu. Ndinamufunsa ngati anandikhululukira. Anatula dengu, n'kuima ndi mwendo wakumanzere wokha, mayi wamkulu ndithu, n'kudumpha pamaso pa anthu onse.

"Ba Ticha, mwamvako kanthu?"

Sindinamve kanthu.